"Ana akutsegulira sukulu Lolemba": mmene timamvera mawu amene sananenedwe

Munthu wina wapita kwa mlamu wake madzulo, ndipo atalonjerana n'kufunsana za odwala, wafika pa chimene wabwerera. "Alamu, mwezi uno wandivuta. Mungandibwerekeko K50,000, ndidzabweze ndikalandira?" Mwini nyumba wayang'ana pansi pang'ono n'kuyankha kuti, "Alamu, ana akutsegulira sukulu Lolemba likubwerali." Mlendo uja wagwedeza mutu, wati, "Ndamva alamu, zikomo," ndipo nkhani ya ngongole yathera pomwepo.

Aliyense wolankhula Chichewa akudziwa kuti mlendoyo wakanizidwa. Komabe tikatenga mawu a mwini nyumba n'kuwayang'ana limodzi limodzi, sitipezamo liwu lakuti ayi, sitipezamo liwu lakuti ndalama, ndipo sitipezamo ngakhale liwu lakuti fizi. Chimene wanena ndi tsiku lotsegulira sukulu basi, ndipo munthu wina akanati alembe chiganizo chimenechi papepala n'kuchipereka kwa munthu amene sanamve funso, wowerengayo sakanaganizako za ngongole. Tanthauzo lakuti "sindikubwerekani" silili m'mawuwo, koma lafika kwa womvera mosakayikitsa, ndipo wolankhulayo amafuna kuti lifike. Funso limene akatswiri a chilankhulo akhala akulimbana nalo ndi lakuti, kodi tanthauzo limenelo ladutsira pati?

Yankho limene ambiri amayambirapo linachokera kwa Herbert Paul Grice, katswiri wa filosofi amene anabadwira ku Mangalande mu 1913, anaphunzitsa zaka zambiri ku Oxford, kenako anasamukira ku yunivesite ya California ku Berkeley, ndipo anamwalira mu 1988. Mu 1967 iye anakamba nkhani zingapo ku yunivesite ya Harvard, ndipo gawo lina la nkhanizo, lonena za kuganiza ndi kucheza, linasindikizidwa mu 1975. M'menemo ndi mmene anapekera liwu latsopano la Chingerezi, limene m'kalembedwe kathu tingalilembe kuti impulikecha, pofuna kutchula tanthauzo limene wolankhula amapereka popanda kulinena. M'nkhani ino tizilitcha tanthauzo losatchulidwa. Grice sanali kufufuza za ulemu kapena miyambo ya anthu poyamba. Vuto lake linali la anzake a filosofi, amene ankadandaula kuti mawu a tsiku ndi tsiku monga "ndi", "kapena" ndi "ena" ndi osadalirika, chifukwa amaoneka ngati akutanthauza zambiri kuposa zimene zizindikiro za masamu zofanana nawo zimatanthauza. Iye anati mawuwo alibe mlandu. Tanthauzo lowonjezeralo silichokera m'liwu, koma m'zimene anthu awiri ocheza amayembekezerana.

Chimene amayembekezerana, malinga ndi Grice, ndi mgwirizano. Anthu akamacheza amakhala ngati akugwira ntchito imodzi, ndipo aliyense amaganiza kuti mnzake akuponyapo mawu oyenera pamene nkhani yafika. Mgwirizano umenewu si chikondi kapena kuvomerezana, pakuti ngakhale anthu awiri okangana amayankhana zogwirizana ndi mkangano wawo. Grice anaugawa m'ziyembekezo zinayi. Timayembekezera kuti wolankhula anene zokwanira, osachepetsa ndiponso osachulutsa. Timayembekezera kuti anene zimene akukhulupirira kuti n'zoona ndipo ali ndi umboni wake. Timayembekezera kuti zonena zake zikhudze nkhani imene ili pabwalo. Pomaliza, timayembekezera kuti alongosole momveka, mwachidule ndi mwadongosolo. Ambiri amene amamva zimenezi koyamba amaganiza kuti ndi malangizo a kalankhulidwe kabwino, onga amene mphunzitsi amapereka m'kalasi, ndipo amatsutsa kuti anthu salankhula choncho. Kutsutsa kumeneku n'kuphonya mfundo. Grice ankadziwa bwino kuti anthu amazemba, amanama ndiponso amalankhula zosamveka. Mfundo yake inali yakuti womvera amayamba ndi chiyembekezo chimenechi, ndipo mawu akaoneka ngati sakugwirizana nacho, amafunafuna tanthauzo limene lingawagwirizanitse.

Tibwerere kwa alamu aja, tione mmene mlendo wafikira pa yankho. Iye wafunsa funso lofuna inde kapena ayi, koma wamva za sukulu. Pongoyang'ana pamwamba, yankholi silikukhudza funso. Apa mlendo ali ndi njira ziwiri. Angaganize kuti mlamu wake sanamve, kapena wasokonezeka, kapena wangosintha nkhani mwachipongwe. Koma alibe chifukwa choganizira choncho, popeza mlamuyo anamvetsera bwinobwino, anayang'ana pansi, ndipo wayankha ndi mawu aulemu. Choncho amatenga njira yachiwiri, yoganiza kuti yankholi likukhudza funso m'njira ina, ndipo ntchito yake ndi kupeza njirayo. Amakumbukira zimene onse awiri akudziwa: kuti mwini nyumba ali ndi ana ku sekondale, kuti sukulu ikamatsegulidwa pamafunika fizi, yunifomu, makope ndi thiransipoti, ndiponso kuti malipiro a mlamu wakeyo si ambiri. Akaphatikiza zimenezi ndi chiganizo chija, mfundo imodzi yokha ndi imene ikuchititsa kuti yankho likhale lanzeru, yakuti ndalama zimene zilipo zili kale ndi ntchito ndipo palibe zobwereketsa.

Pali sitepe ina yomaliza imene nthawi zambiri imaiwalidwa, koma ndiyo imasiyanitsa tanthauzo losatchulidwa ndi kungoganizira chabe. Mlendo akudziwa kuti mlamu wake akudziwa kuti iye atha kulumikiza zonsezi, ndipo mlamuyo sanachite chilichonse chomuletsa kufika pa mfundo imeneyo. Ndiye kuti amafuna kuti afikepo. Tiyerekeze kuti mlendoyo, ali pakhomo paja, waona kuti denga likudontha ndipo mipando yathyoka, n'kuganiza mumtima kuti apa ndalama palibe. Mfundo imeneyo ingakhale yoona, koma mwini nyumba sanamuuze, ngakhale mozungulira. Denga silifuna kuti munthu amve kanthu. Tanthauzo losatchulidwa limafuna cholinga cha wolankhula, ndipo cholingacho chiyenera kukhala choti womvera achizindikire.

Inde, palibe munthu amene amayenda masitepe onsewa m'mutu mwake mmodzimmodzi. Mlendo uja anamva kukanidwa nthawi yomweyo, mwina mlamu wake asanamalize n'komwe chiganizo. Chimene Grice ankanena n'chakuti njirayo iyenera kukhalapo, moti wina atafunsa kuti "mwadziwa bwanji?", womvera atha kuilongosola. Ngati njira yoteroyo palibe, ndiye kuti chimene tamvacho ndi chinthu china, mwina maganizo athu okha.

Pa chitsanzo cha alamu, wolankhula sanaphwanye chiyembekezo chilichonse, wangosiyira womvera kuti amange mlatho. Grice anapereka chitsanzo chofanana ndi ichi, cha munthu amene waima pambali pa galimoto n'kuuza wodutsa kuti mafuta amuthera, wodutsayo n'kuyankha kuti pakona apo pali malo ogulitsira mafuta. Wodutsayo sananene kuti malowo ndi otsegula kapena kuti mafuta alipo, koma akanakhala kuti akudziwa kuti n'potseka, yankho lake likanakhala lopanda ntchito, choncho womvera amamva kuti mwina mafuta apezeka. Amene anagonapo pamzere wa mafuta nthawi imene akusowa m'dziko aona msanga kuti chitsanzochi chimadalira nyengo, pakuti pa nthawi yotero kuuza munthu kuti pakona pali malo omwetsera mafuta sikumulonjeza kanthu, ndipo amafunsanso kuti, "Alipo koma?" Mawu ndi omwewo, koma zimene anthu awiri akudziwa zasintha, ndipo tanthauzo losatchulidwa lasintha nazo.

Njira ina, imene ili yochititsa chidwi kwambiri, ndi pamene wolankhula aphwanya chiyembekezo mwadala ndi poyera, kuti kuphwanyako kukhale uthenga. Chitsanzo chotchuka cha Grice ndi cha mphunzitsi amene wapemphedwa kulemba kalata yochitira umboni wophunzira wake amene akufunsira ntchito yophunzitsa filosofi. Mphunzitsiyo akulemba zinthu ziwiri zokha, kuti wophunzirayo amadziwa bwino Chingerezi ndiponso kuti sankajomba m'kalasi, kenako n'kusaina. Wolandira kalata amaganiza motere. Mphunzitsi ameneyu akumudziwa bwino wophunzira wake, choncho si kuti wasowa chonena. Akudziwanso kuti chimene tikufuna kumva ndi luso lake pa filosofi. Akanakhala kuti sakufuna kuthandiza, sakanalemba kalata n'komwe. Ndiye kuti pali chinthu chimene akufuna kuti tidziwe koma sakufuna kuchilemba, ndipo chinthucho sichingakhale china koma chakuti wophunzirayo filosofi saitha. Kalata imene mulibe liwu loipa ngakhale limodzi yamumanitsa munthu ntchito. Zoterezi timaziona pamene makolo atuma munthu kukafufuza khalidwe la mnyamata amene akufunsira mbeta, wotumidwayo n'kubwerako ndi mawu akuti, "Kwawo amalima fodya wambiri, ndipo nyumba yawo ndi yamalata." Akulu akamva zimenezo amakhala chete kaye, chifukwa anafunsa za khalidwe ndipo auzidwa za malata.

Kunyogodola nakonso kumayenda m'njira yomweyi, kungoti chiyembekezo chimene chaphwanyidwa ndi cha choonadi. Mayi akapeza mwana wake atataya ufa pansi n'kunena kuti, "Wachita bwino, pitiriza," mwanayo sapitiriza. Bodza lake ndi loonekeratu kwa onse awiri moti silingakhale bodza lofuna kunamiza, ndipo mwana amamva chosiyana ndi chimene chanenedwa. Apa pali malire ofunika kuwazindikira. Kuphwanya chiyembekezo poyera kumabala tanthauzo, pamene kuchiphwanya mobisa kumabala chinyengo. Wogulitsa mbuzi amene akudziwa kuti mbuzi yake ikudwala n'kunena kuti ili bwinobwino sakupereka tanthauzo losatchulidwa lililonse, akungonama, ndipo akudalira kuti wogula asazindikire.

Tsono tingadziwe bwanji kuti chimene tamva chili m'mawu enieni kapena ndi chosatchulidwa? Muyeso wodalirika kwambiri umene Grice anapereka ndi wakuti tanthauzo losatchulidwa limatheka kulifafaniza popanda kudzitsutsa. Mwini nyumba uja akanatha kupitiriza kuti, "Ana akutsegulira sukulu Lolemba, koma fizi ndinalipira kale, ndiye K50,000 yo tengani." Palibe amene anganene kuti wadzitsutsa. Kukana kuja kwangosungunuka, chifukwa sikunali m'mawu. Tsopano yerekezani ndi munthu amene wanena kuti, "Mbuzi yanga yafa, koma ili moyo." Apa chiganizo chagundana chokha, pakuti kusakhala moyo kuli m'kati mwa liwu lakuti "yafa", ndipo palibe nyengo imene ingakuchotsemo. Muyeso umenewu ndi wosavuta kuugwiritsa ntchito. Tengani chimene mukuganiza kuti mwamva, chikaneni kumapeto kwa chiganizo, n'kumvetsera ngati chiganizocho chikadali chanzeru. Chikakhala chanzeru, chimene munamvacho chinali chosatchulidwa.

Muyeso womwewu umathandiza pa nkhani ya ndondomeko ya zochitika. Wina akati, "Anakwatiwa ndipo anabereka mwana," timamva kuti ukwati ndiwo unayamba. Akatembenuza n'kunena kuti, "Anabereka mwana ndipo anakwatiwa," timamva nkhani ina, ndipo ena amayamba kunong'onezana. Zinthu ziwiri zimene zanenedwa ndi zomwezo, koma timayembekezera kuti wofotokoza asanje zochitika mmene zinachitikira. Umboni wakuti ndondomekoyo siili m'liwu lakuti "ndipo" ndi wakuti munthu atha kuwonjezera kuti, "ngakhale sindikudziwa chimene chinayamba," popanda kumveka wosokonezeka. Akanati "kenako" m'malo mwa "ndipo", kuwonjezera koteroko sikukanatheka, chifukwa "kenako" amanena ndondomeko poyera.

Pali mawu ena amene amanyamula tanthauzo lowonjezera paliponse pamene apita, ndipo Grice anawaika padera. Liwu lakuti "koma" ndi limodzi mwa iwo. Munthu akati, "Ndi wosauka koma ndi wokhulupirika," wanena zinthu ziwiri, umphawi ndi kukhulupirika, komanso waponyapo ganizo lakuti ziwirizi siziyendera limodzi kawirikawiri. Ganizo limenelo womvera sachita kulipeza poganizira za mgwirizano, limabwera ndi liwu lenilenilo, ndipo mukachotsa "koma" n'kuikapo "ndipo" limachoka. Zining'a nazonso ziyenera kusiyanitsidwa. Tikamva kuti agogo atisiya, sitiyamba kufufuza kuti atisiya kupita kuti, chifukwa tanthauzo lake tinaliphunzira monga mmene tinaphunzirira mawu ena onse. N'kutheka kuti kalekale munthu woyamba kunena choncho ankayembekezera kuti omvera aganize okha, koma njira ikapondedwa kwambiri imasanduka msewu. Chiganizo cha alamu chija si chining'a. Mawa chingatanthauze kuti "tiyeni tikagule makope", ndipo mkuja chingatanthauze kuti "alendo a kumudzi aja ayenera kubwerera". Miyambi ili pakatikati, pakuti mawu ake ndi tanthauzo lake lalikulu ndi zokhazikika, koma kuti mwambi ukunena ndani pabwalo lero, womvera amapeza yekha.

Gawo limene lafufuzidwa kwambiri ndi la mawu amene amakhala pamakwerero, lina pamwamba pa linzake. Laurence Horn, katswiri wa chilankhulo wa ku Amereka, analongosola zimenezi mu 1972. Taonani mawu akuti "ena" ndi "onse". Mphunzitsi wamkulu akaimirira pamsonkhano wa makolo n'kunena kuti, "Ophunzira ena akhoza mayeso," kholo lililonse limamva kuti ena alephera. Koma liwu lakuti "ena" palokha silinena zimenezo, ndipo muyeso wathu uja ukutsimikizira, pakuti mphunzitsiyo atha kupitiriza kuti, "ndipotu kunena zoona, onse akhoza," anthu n'kuwomba m'manja popanda womunena kuti wanama. Chimene chimachitika n'chakuti womvera amayerekeza chimene chanenedwa ndi chimene chikanatha kunenedwa. Liwu lakuti "onse" lilipo, ndi lalifupi chimodzimodzi, ndipo limanena zambiri. Mphunzitsi amene akudziwa kuti onse akhoza sangalisiye. Popeza walisiya, ndiye kuti sakanatha kulinena moona. Makwerero otere ndi ambiri: "nthawi zina" pansi pa "nthawi zonse", "mwina" pansi pa "ndithu", "ofunda" pansi pa "otentha". Amene wanena kuti madzi ndi ofunda amamveka kuti akuti sanatenthe.

Apa pali msampha umene anthu ambiri amagweramo. Kuganiza kumeneku kumagwira ntchito pokhapokha ngati wolankhula akudziwa nkhani yonse. Mphunzitsi wamkulu amene waona zotsatira zonse akati "ena", tingamve kuti si onse. Koma mlonda wa pasukulu amene wangomva ana atatu akukondwera panja akati, "Ena akhoza," chimene tingamve n'chakuti iye sakudziwa za otsalawo. Mikangano yambiri ya m'nyumba ndi ya kuntchito imayambira pamenepa, wina atamva "si onse" pamene mnzake amangotanthauza "amene ndikuwadziwa". Manambala nawonso amasintha ndi nyengo. Munthu akafunsidwa pocheza kuti ali ndi ana angati n'kuyankha kuti atatu, timamva kuti atatu okha. Koma pakalengezedwa kuti thandizo lilandiridwa ndi aliyense amene ali ndi ana atatu, mayi wa ana asanu amaima pamzere mosakayika, ndipo palibe amene angamubweze, chifukwa pamenepo "atatu" akutanthauza kuyambira atatu kupita m'tsogolo.

Luso limeneli ana amalipeza pang'onopang'ono. Mu 2001 Ira Noveck anasindikiza kafukufuku amene anachita ku Falansa, m'mene anawerengera ana ndi akuluakulu ziganizo zonga chakuti nyamalikiti zina zili ndi makosi aatali, n'kuwafunsa ngati akuvomereza. Ana ambiri a zaka 8 ndi 10 anavomereza, pamene akuluakulu ambiri anakana, poti nyamalikiti zonse, osati zina zokha, zili ndi makosi aatali. Tikatsata tanthauzo lenileni la mawu, ana ndi amene analondola, chifukwa ngati zonse zili ndi makosi aatali ndiye kuti zina zilinso nawo. Akuluakulu anakana chinthu chimene sichinanenedwe. Kafukufuku wotsatira anaonetsa kuti ana ang'onoang'ono amachita bwinoko akauzidwa momveka kuti akuweruza ngati wolankhula wanena bwino, zimene zikusonyeza kuti nzeru zake ali nazo, chimene chimawavuta ndi kudziwa nthawi yozigwiritsa ntchito.

Kodi ziyembekezo za Grice zimagwira ntchito kwa anthu a mitundu yonse? Mu 1976 Elinor Ochs Keenan, amene anakhala pakati pa anthu a kumudzi ku Madagascar, analemba kuti kumeneko anthu kawirikawiri amanena zochepa kuposa zimene wofunsa akufuna, ngakhale akudziwa. Munthu atafunsidwa kumene kuli amayi ake atha kuyankha kuti ali m'nyumba kapena kumsika, chonsecho akudziwa bwino kumene ali, ndipo wofunsayo samva kuti woyankha sakudziwa, monga mmene munthu wa ku Oxford akanamvera. Keenan anafotokoza kuti m'mudzi mmene aliyense amadziwa za mnzake, nkhani yatsopano ndi chuma chimene munthu satulutsa mwachisawawa, komanso anthu amaopa kunena chinthu motsimikiza kuopera kudzapatsidwa mlandu zikadzalakwika. Ena anatenga zimenezi ngati umboni wakuti Grice analakwitsa. Ine ndikuona kuti zimene Keenan anapeza zikukonza mfundoyo koposa kuigwetsa. Mawu akuti "nena zokwanira" sanena kuti zokwanira ndi zingati, ndipo muyeso wake umaikidwa ndi anthu a pamalopo. Womvera wa ku Madagascar nayenso amayerekeza chimene wamva ndi chimene amayembekezera, kungoti chimene amayembekezeracho n'chosiyana.

Zimenezi si zachilendo kwa ife. Mkamwini akauza apongozi ake maganizo ake, iwo n'kuyankha kuti, "Tamva," mlendo wochokera kutali angaganize kuti avomera, pamene mwana wa pakhomopo akudziwa kuti nkhaniyo yangolandiridwa ndipo yankho lidzabwera kudzera kwa ankhoswe, mwinanso silidzabwera. "Tiona" wa bwana kuntchito nthawi zambiri ndi ayi wovala jekete. Chifukwa chake anthu amasankha njira yozungulirayi chikuoneka bwino pa alamu aja. Mwini nyumba akanati, "Ayi, sindikubwerekani," akanamuchititsa manyazi mlamu wake, ndipo liwulo likanakhala pakati pawo mpaka kalekale. Ponena za sukulu wapereka chifukwa m'malo mwa chigamulo, wamulola mlendo kuti afike yekha pa yankho, ndipo mlendoyo watuluka ngati munthu womvetsa zinthu osati wokanidwa. Kufafanizika kuja, kumene tinakuona ngati muyeso wa akatswiri, ndiko kumapatsa onse awiri potulukira.

Koma potulukira pomwepo ndi pamene wachinyengo amathawira, ndipo mlandu wina wa ku Amereka ukuonetsa bwino zimenezi. Samuel Bronston anali wopanga mafilimu amene kampani yake inagwa m'ngongole mu 1964. Mu 1966, pa bwalo lofufuza chuma cha kampaniyo, loya wa anthu amene ankafuna ndalama zawo anamufunsa atalumbira ngati ali ndi akaunti ku mabanki a ku Switzerland. Iye anati ayi. Loya anafunsanso ngati anakhalapo nayo. Bronston anayankha kuti kampani inali ndi akaunti kumeneko, ku Zurich, kwa miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi. Loyayo anapitirira ku mafunso ena. Mayankho onse awiri anali oona, pakuti pa nthawi imene ankafunsidwa analibe akaunti, ndipo kampani inalidi nayo ku Zurich. Chimene sananene n'chakuti iye mwini anali ndi akaunti yakeyake ku Geneva kwa zaka pafupifupi zisanu.

Tikayenda masitepe aja, tiona mmene loya ananamizidwira. Funso linali lokhudza Bronston mwini. Yankho linakamba za kampani. Womvera amene akuyembekezera mgwirizano amaganiza kuti munthu amene wadzipereka kutchula ngakhale akaunti ya kampani, imene sanafunsidwe, sakanasiya kutchula yake akanakhala nayo, choncho amamva kuti analibe. Bronston anadalira kuganiza kumeneku, monga mmene mwini nyumba uja anadalira kuti mlamu wake alumikiza sukulu ndi ndalama. Kusiyana kwake n'kwakuti mfundo imene mlamu anafikapo inali yoona, pamene imene loya anafikapo inali yabodza, ndipo woyankha ankadziwa.

Boma linamuimba mlandu wonama atalumbira, khoti linamupeza wolakwa, ndipo khoti la apilo linagwirizana nazo. Koma mu 1973 Khoti Lalikulu la dzikolo, oweruza onse mogwirizana, linathetsa chigamulocho. Woweruza wamkulu Warren Burger, amene analemba chigamulo, anafotokoza kuti lamulo la kunama utalumbira limakhudza zimene mboni yanena, osati zimene womvera watolapo, ngakhale mboniyo itakhala kuti inafunadi kusocheretsa. Anavomereza kuti pocheza wamba yankho lotere limamveka ngati kukana, koma anati bwalo la milandu si malo ocheza wamba, ndipo mboni ikazemba funso, ndi udindo wa loya kuzindikira kuzembako n'kubwezera mboniyo pa funso. Tinganene kuti khotilo linauza maloya kuti asamayembekezere mgwirizano wa Grice kwa munthu amene akumufunsa ngati mdani. Loya uja anafunika kungowonjezera funso limodzi lalifupi, lakuti, "Za kampani ndamva, nanga inuyo panokha munakhalapo ndi akaunti ku Switzerland?" Pa funso limenelo Bronston akanayenera kusankha pakati pa kuulula akaunti ya ku Geneva ndi kunena bodza limene lamulo likanatha kumugwira nalo.